PT ili bwino koma aPTT yatalika: magazi akuchedwa pati?

Funso: Adokotala, ndine wophunzira za labotale wa chaka chachiwiri. Chithunzi cha njira zitatu za kuundana kwa magazi ndinachiloweza, koma pepala la zotsatira likafika m'manja ndimasowa poyambira. Sabata yatha tinalandira magazi a mnyamata wa zaka 7 amene anamuzula dzino, magazi n'kumangotuluka mpaka tsiku lachiwiri. PT inali masekondi 12.6, aPTT masekondi 71, mapulatileti ali bwinobwino. Zikugwirizana bwanji ndi njira zija? Nanga ngati njira ya kunja ilibe vuto, bwanji yokhayo siikuletsa magaziwo?

Yankho: Chithunzi munalowezacho chimafotokoza zochitika m'kachubu ka m'labotale, osati pa bala la munthu. Chinajambulidwa mu 1964, pamene Macfarlane wa ku Oxford, komanso Davie ndi Ratnoff a ku America, aliyense payekha anafotokoza kuti mafakita oundanitsa magazi amadzutsana motsatizana, ina kudzutsa inzake. Umboni wawo wambiri unachokera m'machubu. N'chifukwa chake chithunzicho chimathandiza kwambiri powerenga PT ndi aPTT, koma chimakusocheretsani mukachifunsa chifukwa chimene mwana akutayira magazi. Mafunso anu awiriwo mayankho ake ali m'malo osiyana, ndiye tiyambe ndi la m'chubu.

Magazi oyeza kuundana amatengedwa m'kachubu ka chivindikiro chabuluu, momwe muli sitireti wa 3.2 peresenti: magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la sitireti. Ntchito ya sitireti n'kugwira kashiamu, chifukwa popanda kashiamu mafakita ambiri sangakakamire pomwe amagwirira ntchito, ndipo magazi amangokhala amadzi. Mukawapukusa pa makina, maselo ndi mapulatileti amatsikira pansi, inu n'kutenga pulazima wapamwambayo. Kumbukirani zimenezi, kuti mapulatileti mwawachotsa kale musanayambe n'komwe kuyeza. Kenako mumatenthetsa pulazimayo kufika madigiri 37, n'kuthiramo choyambitsa pamodzi ndi kashiamu, n'kuwerenga masekondi mpaka ulusi wa fibirini utaoneka. Mayeso onse awiri amathera pa ulusi womwewo. Amasiyana pa choyambitsa chimene mwathiramo basi.

Ine ndimaphunzitsa njirazi kuyambira kumapeto. Fibirini amachokera ku fibirinojeni, amene ndi fakita I. Amene amadula fibirinojeni kuti asanduke ulusi ndi thirombini, ndipo thirombini amachokera ku purothirombini, fakita II. Purothirombini amadulidwa ndi fakita X yodzutsidwa, mothandizidwa ndi fakita V. Zinayizi, X, V, II ndi I, ndiye njira ya onse. Chatsala n'chakuti ndani adzutse fakita X, ndipo apa ndi pamene pali njira ziwiri.

Poyeza PT mumathira thirombopulasitini, amene ndi tishu fakita wosakaniza ndi mafuta a fosifolipidi, kashiamu ali momwemo. Tishu fakita sayenda momasuka m'magazi a munthu wabwinobwino. Amakhala m'maselo a kunja kwa mtsempha, ndipo dzina lakuti njira ya kunja, ekisitirinziki, linachokera pamenepo. Iye amagwira fakita VII, awiriwa n'kudzutsa X nthawi yomweyo. Njirayi ndi yaifupi, fakita yakeyake ndi imodzi yokha, ndipo tishu fakita amene timathira ndi wochuluka kwambiri kuposa amene angapezeke pa bala, choncho pulazima amaundana pa masekondi 11 mpaka 14. Armand Quick anayambitsa mayesowa mu 1935. Nthawi imeneyo mafakita V, VII ndi X anali asanadziwike, ndiye iye ankaona ngati akuyeza purothirombini yekha. Dzinalo linakhala, koma zoona zake PT imamva msanga kuchepa kwa VII kuposa kuchepa kwa purothirombini.

Poyeza aPTT simuthira tishu fakita ngakhale pang'ono. Mumathira fosifolipidi yekha, wolowa m'malo mwa khungu la mapulatileti munachotsa aja, pamodzi ndi chinthu chodzutsa fakita XII, monga dothi loyera la kawolini kapena silika. Mumadikira mphindi zitatu kapena zisanu malinga ndi mankhwala anu oyezera, kenako n'kuthira kashiamu ndi kuyambitsa wotchi. XII imadzutsa XI, XI imadzutsa IX, ndipo IX mothandizidwa ndi VIII imadzutsa X. Zonsezi zili kale m'kati mwa pulazima, n'chifukwa chake imatchedwa njira ya m'kati, intirinziki. Masitepe ndi ambiri, ndiye nthawi yake ndi yotalikirapo, masekondi 25 mpaka 35 m'malabotale ambiri, ngakhale labotale iliyonse iyenera kukhala ndi malire akeake. Mayesowa anachokera kwa Langdell, Wagner ndi Brinkhous mu 1953, amene ankafuna njira yozindikirira hemofiliya chifukwa PT ya odwala amenewa inkatuluka yabwinobwino. Kawolini anadzawonjezedwa mu 1961 ndi Proctor ndi Rapaport kuti zotsatira zisamasinthesinthe.

Taganizani mabasi awiri ochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Ina yadzera ku Zalewa, njira yaifupi, imeneyo ndi PT. Inayo yadzera ku Zomba, Liwonde ndi Balaka, imeneyo ndi aPTT. Onse amakakumana pa Chingeni, n'kuyenda msewu umodzi kudutsa Ntcheu ndi Dedza. Inu muli pa depoti ku Lilongwe ndi wotchi, msewu simukuuona. Ya ku Zomba yokha ikachedwa, vuto lili pakati pa Blantyre ndi Chingeni kudzera ku Liwonde, ndipo mwadziwanso kuti msewu wa Ntcheu ndi Dedza uli bwino poti inzake yadutsamo n'kufika pa nthawi yake. Onse akachedwa, mwina vuto lili kupitirira Chingeni, kapena misewu iwiri yonse yawonongeka payokhapayokha.

Ndiye PT ya 12.6 ya mnyamatayo yakuuzani kale zinthu zisanu: VII, X, V, II ndi fibirinojeni zilipo zokwanira. aPTT ya 71 ikuloza ku zinayi zotsala, XII, XI, IX kapena VIII, kapena ku chinthu china chimene chikutsekereza njirayo.

Musanatchule matenda, kaoneni kachubu. Zotsatira zambiri zotalika zimene zimatidabwitsa zimabadwira pa wodi, osati m'thupi mwa wodwala. Kwa mwana wolira ndi wa mitsempha yovuta, namwino amatha kupeza magazi theka la chubu n'kutumiza choncho. Sitireti amakhala wochuluka kuyerekeza ndi pulazima, amameza gawo la kashiamu amene mwathira, ndipo aPTT imatalika kuposa PT. Zomwezo zimachitika kwa munthu amene hematokiriti yake yapitirira 55 peresenti, poti pulazima wake ndi wochepa ngakhale chubu chadzaza. Funsaninso kumene magazi anatengedwa, chifukwa kanyula yotsukidwa ndi heparini, mankhwala oletsa magazi kuundana, imatalikitsa aPTT kwambiri, pomwe PT imatsala yabwino poti mankhwala ambiri oyezera PT ali ndi chofooketsa heparini. Onani ngati mulibe kamgulu ka magazi oundana kale, ndiponso nthawi imene chubu chinatengedwa. Fakita VIII imafooka msanga magazi akangokhala pa tebulo, makamaka nyengo yotentha ngati ya Okutobala, choncho aPTT iyezedwe maola anayi asanathe. Chubu chimene chagona tsiku lonse m'galimoto kuchokera ku chipatala chaching'ono chikhoza kukupatsani hemofiliya yabodza. Ngati mukukayika chilichonse mwa izi, tengani magazi ena. Koma kwa mwana amene akutayadi magazi, ndingadabwe ngati 71 wachokera ku chubu kokha.

Tinene kuti mwabwereza ndipo yatuluka 69. Chotsatira ndi mayeso osakaniza, amene labotale iliyonse yotha kuyeza aPTT ikhoza kuwachita, koma ambiri amawadumpha. Tengani pulazima wa mwanayo, musakanize muyezo wofanana ndi pulazima wabwinobwino wophatikiza wa anthu angapo, muyezenso aPTT. Masamu ake ndi awa. Ngati mwana ali ndi fakita VIII ya 2 peresenti ndipo pulazima wabwinoyo ali ndi 100, chosakanizacho chikhala ndi 51 peresenti. Mankhwala ambiri oyezera aPTT amayamba kuonetsa kutalika fakita ikatsika kufika cha m'ma 30 kapena 40 peresenti, ndiye 51 ndi wokwanira kuti nthawi ibwerere, mwachitsanzo pa masekondi 33. Ikabwerera chotero, mwadziwa kuti pali chimene chikusowa. Ikakana kubwerera, n'kungotsika pang'ono kufika 60, ndiye kuti mu pulazima wa wodwala muli chotsekereza chimene chikufooketsanso mafakita a pulazima wabwino uja: heparini, lupasi antikowagulanti, kapena chitetezo cha thupi cholimbana ndi fakita ina. Cholimbana ndi VIII chili ndi khalidwe lake, chimagwira pang'onopang'ono. Mukayeza mutangosakaniza, nthawi imaoneka ngati yabwerera, koma mukasunga chosakanizacho maola awiri pa madigiri 37 imatalikanso. Pachifukwa ichi muziyeza kawiri.

Kwa mnyamata wanu ndikuyembekeza kuti nthawi ibwerera. Pa mafakita anayi aja, XII ichotseni, ndikuuzani chifukwa chake posachedwa. Kusowa kwa XI n'kosowa kwambiri kupatula pakati pa Ayuda a Chiashikenazi. Zatsala VIII, yomwe ndi hemofiliya A, ndi IX, yomwe ndi hemofiliya B. Zonse ziwiri zimayenda pa koromozomu X, ndiye zimagwira kwambiri ana aamuna kudzera kwa amayi awo, ndipo A imapezeka kanayi kapena kasanu kuposa B. aPTT siingazisiyanitse, mpaka muyeze fakita iliyonse payokha. Fakita yochepera 1 peresenti ndi hemofiliya yaikulu, 1 mpaka 5 ndi yapakati, kupitirira 5 mpaka 40 ndi yaing'ono. Kusiyanitsa A ndi B si kwa mayeso a kusukulu okha. Kirayopuresipiteti, gawo la pulazima limene timapatsa odwala, ali ndi VIII koma alibe IX yothandiza, ndiye mukamupatsa mwana wa hemofiliya B mwataya nthawi.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lofunika koposa. M'thupi, kuundana kumayambira ku tishu fakita ndi VII, monga momwe zilili mu PT. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bala tishu fakita ndi wochepa kwambiri, ndipo thupi lili ndi chotseka chake, chimene m'mabuku muchipeza cholembedwa TFPI. X yodzutsidwa pang'ono ikangopangidwa, TFPI imagwira X imeneyo pamodzi ndi tishu fakita ndi VII n'kuzizimitsa. Thirombini amene wapangidwa pofika nthawi imeneyo ndi wochepa, sangamange mgulu wolimba. Ntchito yake ndi kudzutsa mapulatileti, V, VIII ndi XI. Chinanso chimene chithunzi cha 1964 chilibe n'chakuti tishu fakita ndi VII amadzutsanso IX mwachindunji, zimene Østerud ndi Rapaport anaonetsa mu 1977. Kenako pa khungu la mapulatileti odzutsidwawo, IX ndi VIII zimagwirana n'kupanga X yodzutsidwa yochuluka, ndipo thirombini wambiri amene amamanga mgulu weniweni amachokera pamenepo.

Choncho m'thupi njira ziwirizi sizipikisana, ndipo imodzi siingalowe m'malo mwa inzake. Ya kunja imayambitsa, VIII ndi IX zimakulitsa. Mwana wa hemofiliya amayamba bwino: mapulatileti amatseka bowo la dzino, magazi amaleka, makolo n'kubwerera kunyumba. Pakapita maola angapo kamgulu kofooka kaja kamasweka, poti m'malovu muli zosungunula fibirini, ndipo pofika usiku pilo wanyowa. Kutuluka kochedwa kobwerezabwerezaku, pamodzi ndi kutupa kwa maondo ndi zigongono, ndiko chizindikiro cha vuto la mafakita. PT yake imatuluka bwino chifukwa m'chubu timathira tishu fakita wochuluka moti VII yokha imadzutsa X yokwanira TFPI isanachitepo kanthu, VIII ndi IX osafunika n'komwe.

Fakita XII imaonetsa mbali inayo ya nkhaniyi. Inadziwika mu 1955 kudzera mwa John Hageman, wogwira ntchito pa njanji ku America, amene magazi ake ankachedwa kwambiri kuundana m'chubu chagalasi pomwe iye anali asanavutikepo ndi kutaya magazi. Anamwalira mu 1968 chifukwa cha mgulu wa magazi umene unatseka mtsempha wa m'mapapo atathyoka mafupa a m'chiuno. Munthu wosowa XII akhoza kukhala ndi aPTT yopitirira masekondi 100 n'kuchitidwa opaleshoni popanda vuto, chifukwa m'thupi thirombini amadzutsa XI yekha, osadikira XII. Lupasi antikowagulanti nayenso amatalikitsa aPTT pogwira fosifolipidi wa m'chubu, koma mwa munthu amabweretsa kuundana kosafunika ndi kupita padera. Kutalika kwa aPTT sikuyeza kuchuluka kwa magazi amene munthu ataye.

PT ikatalika yokha, ganizani za VII. Kubadwa wosowa VII n'kosowa, ndiye kawirikawiri chimene mukuona ndi chiyambi cha vuto lalikulupo. Mafakita II, VII, IX ndi X amapangidwa m'chiwindi ndipo amafuna vitamini K kuti athe kugwira kashiamu. Mwa anayiwa VII ndi imene imatha msanga: theka lake limatha pa maola 4 mpaka 6, pomwe IX imatenga pafupifupi tsiku limodzi, X pafupifupi masiku awiri, ndipo II pafupifupi masiku atatu. Munthu akayamba wafarini, mankhwala akumwa oletsa magazi kuundana, kapena vitamini K akachepa chifukwa njira ya ndulu yatsekeka, kapena chiwindi chikayamba kufooka, VII imagwa yoyamba ndipo PT imatalika aPTT idakali bwino. Pakapita masiku aPTT imatsatira. Apa pali msampha pa wodi. INR, nambala yochokera ku PT imene timaonera mphamvu ya wafarini, ikhoza kufika 2 pa tsiku lachiwiri la wafarini chifukwa VII yatha, koma purothirombini adakali wambiri ndipo wodwala sanatetezedwe. N'chifukwa chake kwa wodwala wa mgulu wa m'mitsempha heparini amapitirira limodzi ndi wafarini kwa masiku osachepera asanu.

INR inabwera mu 1983 kudzera ku bungwe la WHO, poti thirombopulasitini wa makampani osiyana amapereka masekondi osiyana pa pulazima yemweyo:

```
INR = (PT / MNPT) ^ ISI
```

MNPT ndi PT yapakati ya anthu abwinobwino pa labotale yanu, ndipo ISI, nambala yosonyeza mmene thirombopulasitini wanu amamvera kuchepa kwa mafakita, imalembedwa pa pepala lobwera ndi mankhwala oyezera. Wodwala wa PT ya masekondi 24 pa MNPT ya 12 ali ndi INR ya 2.0 ngati ISI ndi 1.0, koma ngati ISI ndi 1.3 INR yake ndi pafupifupi 2.5. Mukatsegula gulu latsopano la mankhwala oyezera n'kuiwala kusintha ISI pa makina, ma INR onse a ku kiliniki ya wafarini alakwika mbali imodzi. Ndipo kuno kwathu, INR ya wodwala wa valavu ya mtima ikagwa mwadzidzidzi, funsani ngati wayamba mankhwala a TB, chifukwa rifampisini amachititsa chiwindi kuwononga wafarini mofulumira.

Zonse ziwiri zikatalika, mwa chiphunzitso vuto lili pa X, V, II kapena fibirinojeni, koma pa wodi nthawi zambiri amakhala mafakita ambiri achepa limodzi: chiwindi chowonongeka kwambiri, wafarini wopyola muyezo, khanda lomwe silinabayidwe vitamini K, kapena mafakita kudyeka chifukwa magazi akuundana m'thupi monse, monga kwa mayi amene nsengwa yamatuka mwana asanabadwe kapena wodwala amene tizilombo talowa m'magazi. Pofuna kusiyanitsa, fakita V imathandiza chifukwa imapangidwa m'chiwindi koma siifuna vitamini K. Ikakhala bwino, vuto ndi vitamini K, ikatsika ndi chiwindi kapena kudyeka. Pa kudyeka, mapulatileti ndi fibirinojeni nazonso zimatsika.

Pali odwala otaya magazi amene PT ndi aPTT zawo zonse zimatuluka zabwino, ndipo chifukwa chake mwachiona kale. Mapulatileti munawachotsa, ndiye kufooka kwawo sikungaoneke. Wotchi imaima ulusi woyamba ukangooneka, pomwe fakita XIII imagwira ntchito pambuyo pake polimbitsa ulusiwo, ndiye kusowa kwake sikuonekanso. Matenda a von Willebrand amatalikitsa aPTT pokhapokha ngati atsitsa VIII mokwanira, ndipo amenewa muwasunge m'maganizo ngakhale kwa mnyamata wanuyu ngati VIII ipezeke yotsika, poti amakonda kutulutsa magazi m'kamwa ndi m'mphuno ndipo amagwira atsikana ndi anyamata omwe. Hemofiliya yaing'ono ya fakita ya 35 peresenti nayo ikhoza kudutsa osaoneka.

Pa pepala lanu musangolemba 71 n'kuliponya m'bokosi. Imbani ku wodi, muwauze kuti aPTT yatalika yokha ndiponso zimene mayeso osakaniza aonetsa. Mwanayo asapatsidwe asipirini kapena aibupurofeni, ndipo asabayidwe jakisoni wa m'mnofu mpaka nkhaniyi itadziwika. Asidi wa tiranekizamiki amathandiza kwambiri pa magazi a m'kamwa chifukwa amaletsa kusungunuka kwa mgulu. Magazi oyezera VIII ndi IX atengedwe asanalandire pulazima kapena fakita iliyonse, apo ayi zotsatira zisokonekera. Ngati ayenera kutumizidwa kutali, lekanitsani pulazima msanga, mumuumitse mufiriji yozizira kwambiri, ndipo ayende ali wouma. Wofunsa mbiri afunse mayi a mwanayo za alongo awo aamuna ndi za ana aamuna a azichemwali awo, ngati alipo amene anatupapo maondo kapena kuvutika ndi magazi pa mdulidwe. Akapanda kupezeka musafulumire kuchotsa hemofiliya, chifukwa pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse amakhala woyamba m'banja mwake. Ndipo ngati ali ndi azing'ono ake aamuna, ayezedwe aPTT asanapite ku mdulidwe.